Deti Ndiye Mwini Mtengo: Kusintha Ndalama Zakunja pa Mainvoisi Osikanidwa

Invoisi yochokera kunja imalembedwa mu ndalama za wogulitsa, kaya ndi madola, marandi, mayuro kapena mayuwani, koma mabuku a wogula amasungidwa mu ndalama za dziko lake. Pakati pa ziwirizi pamafunika mtengo wosinthira ndalama, womwe ambiri m'maofesi amangoti reti. Mtengowu sukhala malo amodzi, ndiye funso limene wolemba mabuku amayamba nalo ndi lakuti: mtengo wa tsiku liti? Njira yomwe mabizinesi ambiri amatsata ndi kutenga mtengo wa deti imene yalembedwa pa invoisiyo, osati wa tsiku limene pepala lafika, lasikanidwa kapena lalipiridwa. Kuchulukitsa nambala ziwiri n'kosavuta, ndipo mwana wa ku pulayimale angathe. Ntchito yeniyeni ili pa kutsimikiza kuti nambala ziwirizo ndi zoyenera, makamaka pamene invoisiyo ndi chithunzi chabe cha pepala chomwe chadutsa mu sikana.

Maziko a njirayi ali mu lamulo lowerengera chuma lotchedwa IAS 21, lomwe ndi limodzi mwa malamulo a IFRS amene amatsatidwa m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Malawi. Lamuloli limanena kuti malonda ochitika mu ndalama zakunja azilembedwa koyamba m'mabuku pa mtengo wosinthira wa tsiku limene malondawo achitika. Tsiku limenelo kawirikawiri limagwirizana ndi deti ya invoisi, chifukwa wogulitsa amalemba invoisi pa nthawi imene akupereka katundu kapena wamaliza ntchito. N'chifukwa chake deti ya pepala inasanduka chikhomo chomwe maofesi amapachikapo mtengo: ndi yolembedwa, aliyense angathe kuiona, ndipo siidalira kuti kalaliki anali pa tchuthi kapena ayi. Invoisi ya pa 3 mwezi uno ikhoza kukhala mu envelopu masabata awiri, n'kusikanidwa pa 17, n'kulowetsedwa mu kompyuta pa 20. Kukanakhala kuti mtengo umatengedwa pa tsiku lolowetsa, mtengo wa katundu ukanadalira changu kapena ulesi wa mu ofesi, zomwe sizikukhudzana ndi malondawo n'komwe.

Chithunzi si malemba

Pepala likadutsa mu sikana, chimene chimatuluka ndi chithunzi. Kwa kompyuta, chithunzicho ndi timadontho takuda ndi toyera basi. Kuti madonthowo asanduke zilembo ndi manambala pamafunika pulogalamu yozindikira zilembo, yomwe pa kompyuta imalembedwa OCR. Pulogalamuyi imayang'ana maonekedwe a chilembo chilichonse n'kusankha chimene chikufanana nacho kwambiri, ndipo apa ndi pamene zolakwa zoyamba zimabadwira. Ziro amasokonezeka ndi chilembo O, 1 amasokonezeka ndi 7 kapena chilembo l, 5 ndi S, 8 ndi 3 kapena B. Inki ikatuwa, pepala likapindidwa pa mzere wa manambala, kapena chithunzi chikajambulidwa ndi foni chopendekeka, zolakwazi zimachuluka. Mapepala osalala a m'makina osindikiza ndi kutentha, onga a malisiti a m'masitolo, amafufutika okha pakapita miyezi ingapo, makamaka akakhala pa dzuwa. Kusikana pa 300 dpi, pepala litawongoka bwino, kumachepetsa mavutowa, koma sikuwathetsa.

Pa invoisi yonse pali zinthu zitatu zokha zimene kusinthaku kumadalira: kuchuluka kwa ndalama, mtundu wa ndalama, ndi deti. Mwa zitatuzi, kuchuluka kwa ndalama ndiko kosavuta kutsimikiza, chifukwa invoisi imadzichitira umboni yokha. Ngati yalemba zinthu 50 pa mtengo wa 85.00 chimodzi, mzerewo uyenera kupereka 4,250.00. Pulogalamu ikawerenga 4,260.00, masamuwo sagwirizana ndipo cholakwacho chimaonekera nthawi yomweyo. Mizere yonse ikaphatikizidwa pamodzi ndi msonkho ndi mtengo wotumizira katundu, iyenera kufika pa nambala ya pansi. Vuto lina ndi la kadontho ndi koma. Invoisi ya ku America kapena ku Britain imalemba 1,250.00, ya ku Mozambique kapena ku Germany imalemba 1.250,00, pomwe yambiri ya ku South Africa imasiya mpata n'kulemba 1 250,00. Kadontho ndi kachinthu kakang'ono kwambiri pa pepala, ndipo kakasowa mu chithunzi, 4,250.00 amasanduka 425,000. Cholakwa chotere chimaoneka msanga chifukwa ndi chachikulu mopitirira. Zoopsa ndi zija zimene zimapereka nambala yooneka yabwinobwino.

Mtundu wa ndalama nawo suyenera kuweruzidwa ndi chizindikiro chokha. Chizindikiro cha $ chimagwiritsidwa ntchito pa dola ya America, ya Canada, ya Australia ndi ya mayiko ena. Cha ¥ chimaimira yeni ya ku Japan komanso yuwani ya ku China, ndalama ziwiri zosiyana mphamvu kutalitali. Chilembo K chimaimira kwacha ya Malawi komanso kwacha ya Zambia, ndipo wamalonda wa ku Mchinji amene amagula katundu ku Chipata amakhala ndi mapepala a mitundu yonse iwiri mu kabati imodzi. Chodalirika ndi zilembo zitatu za muyezo wa ISO 4217: USD, ZAR, EUR, CNY, JPY, MWK, ZMW. Zikasowa pa invoisi, umboni umafunidwa kwina, monga pa adiresi ya wogulitsa, pa akaunti ya ku banki imene walemba kuti alipiridwireko, kapena pa oda imene wogula anatumiza poyamba. Adiresi payokha sikwanira, poti wogulitsa magalimoto wa ku Japan akhoza kulemba invoisi mu madola, ndipo ambiri amatero.

Deti imodzi, masiku awiri

Deti ndiyo imavuta koposa, ndipo imavuta pa zifukwa ziwiri. Choyamba, invoisi sikhala ndi deti imodzi. Pali deti yolembera invoisi, deti ya oda, deti yotumizira katundu, deti yomaliza kulipira, ndipo nthawi zina pansi pa tsamba pali deti yosindikizira pepalalo. Ikafika mu ofesi, wina amaidinda chidindo chosonyeza tsiku lolandirira, ndipo chidindocho nthawi zambiri chimagwera pamwamba kudzanja lamanja, pomwe pali deti yeniyeni. Fayilo ya chithunzi nayo ili ndi deti yake, ya tsiku losikana. Pulogalamu yosakonzedwa bwino imatola deti iliyonse imene yaoneka bwino kwambiri, ndipo yooneka bwino kwambiri kawirikawiri ndi ya chidindo chofiirira chija.

Chachiwiri, anthu salemba deti mofanana. Ku Malawi, monganso ku Britain, tsiku limayamba, mwezi n'kutsatira. Ku America mwezi ndiwo umayamba. Ku China ndi ku Japan chaka chimayamba, ndipo mapepala ena a ku Japan amawerenga zaka motsata ulamuliro wa mfumu, moti 2023 amalembedwa ngati chaka cha 5 cha Reiwa. Deti ngati 25/10/2023 ilibe vuto, chifukwa kulibe mwezi wa 25. Koma nambala ziwiri zoyamba zikakhala zosaposa 12, deti imodzi imatha kuwerengedwa m'njira ziwiri, ndipo pulogalamu siikayika. Imangotsata dongosolo limene inaikidwa n'kupitirira.

Masiku wamba kusiyana kwa mtengo pakati pa masiku awiri otero kumakhala kochepa, ndipo cholakwacho chimabisala. Mwezi wa Novembala 2023 unaonetsa poyera zimene chingachite. Kuyambira pa 9 Novembala chaka chimenecho, banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inasintha mtengo wogulitsira dola kuchoka pa K1,180 ndi matambala pang'ono kufika pa K1,700. Uku ndiko kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti komwe kunali m'kamwa mwa aliyense nthawi imeneyo. Nambala ya 44 imachokera pa kukwera kwa mtengo wa dola: 1,700 kugawa ndi 1,180 ndi pafupifupi 1.44.

Chitsanzo chongoyerekeza nachi. Sitolo yogulitsa zipangizo za mapampu a madzi ku Limbe yaitanitsa zida 50 kwa wogulitsa wa ku America pa 85.00 chimodzi, zonse pamodzi USD 4,250.00. Pamwamba pa invoisi palembedwa 11/10/2023. Kwa wogulitsa, imeneyi ndi 10 Novembala, Lachisanu, tsiku lachiwiri la mtengo watsopano. Kwa kalaliki wa ku Limbe, ndi kwa kompyuta yake yomwe imayembekezera tsiku patsogolo, imeneyi ndi 11 Okotobala, Lachitatu, pamene dola inali idakali pa K1,180. Pa deti yoona, 4,250 kuchulukitsa ndi 1,700 ndi K7,225,000. Pa deti yolakwika, 4,250 kuchulukitsa ndi 1,180 ndi K5,015,000. Kusiyana kwake ndi K2,210,000, pa pepala limodzi, popanda nambala ngakhale imodzi imene yawerengedwa molakwika. Pulogalamu yazindikira chilembo chilichonse molondola, koma yamva tanthauzo lina.

Zotsatira zake zimafika mpaka pa kauntala. Pa mtengo wolakwika chida chimodzi chikuoneka kuti chinagulidwa K100,300, pomwe mtengo wake weniweni ndi K144,500. Mwini sitolo akawonjezerapo phindu la 25 peresenti pa nambala yolakwikayo, amagulitsa chida pa K125,375 mumtima akuti wapindula, pamene pa chida chilichonse akutaya K19,125, osawerengera msonkho wa pa chipata ndi mtengo wonyamulira. Katundu amatha msanga pa shelefu, popeza ndi wotchipa kuposa wa anzake onse, ndipo vuto limadzaonekera pa tsiku lopita ku banki kukagula madola olipirira.

Chikhalirecho invoisi yomweyo inali ndi yankho. Pambali pa deti panalembedwa Net 30, kutanthauza kuti ngongole ilipiridwe pasanathe masiku 30, ndipo deti yomaliza kulipira inalembedwa 12/10/2023. Ikawerengedwa mwa njira ya ku Malawi, deti imeneyi ndi 12 Okotobala, tsiku limodzi lokha chilembereni invoisi, zomwe sizikugwirizana ndi masiku 30. Ikawerengedwa mwa njira ya ku America ndi 10 Disembala, ndendende masiku 30 kuchokera pa 10 Novembala. Umu ndi mmene deti yokayikitsa imatsimikizidwira: poiyerekeza ndi zina zimene zaizungulira. Mainvoisi akale a wogulitsa yemweyo amathandiza, chifukwa mwa iwo simungalephere kupezeka imodzi yokhala ndi tsiku loposa 12, monga 08/23/2023, yomwe imaulula kalembedwe kake. Manambala a mainvoisi amayenda motsatana, ndiye invoisi ya nambala yaikulu singakhale ndi deti yakale kuposa ya nambala yaing'ono. Deti ya invoisi sikhalanso patsogolo pa tsiku losikana, ndipo kawirikawiri sikhala kumbuyo kwa tsiku la oda. Kalembedwe ka wogulitsa kakadziwika, kamalembedwa pa akaunti yake kuti funsoli lisamabwerezedwe, ndipo deti imasungidwa m'njira ya ISO 8601, chaka, mwezi, tsiku: 2023-11-10. Yolembedwa motere siwerengeka pawiri.

Mtengo uti wa tsikulo

Deti ikatsimikizika, pamatsala kusankha mtengo, pakuti tsiku limodzi lili ndi mitengo ingapo. Banki yaikulu imalengeza mitengo itatu pa ndalama iliyonse: wogulira, wapakati ndi wogulitsira. Mawuwa amanenedwa kuchokera ku mbali ya banki. Wogulira ndi umene banki imalipira ikamagula madola kwa munthu, ndipo ndi wotsika. Wogulitsira ndi umene munthu amalipira akamagula madola ku banki, ndipo ndi wokwera. Woitanitsa katundu adzayenera kugula madola kuti alipire ngongole, choncho mtengo wogulitsira ndiwo uli pafupi ndi zimene zidzatuluke m'thumba mwake, ndipo ndi umene wagwiritsidwa ntchito mu chitsanzo cha ku Limbe. Mabizinesi ena amasankha wapakati kuti akhale ndi mtengo umodzi pa zogula ndi zogulitsa zomwe. Njira zonse ziwiri zili ndi zifukwa zomveka. Chosavomerezeka ndi kudumphadumpha, lero wapakati mawa wogulitsira, malinga ndi umene ukukometsa mabuku. Pa invoisi ya USD 4,250, kusiyana kwa K10 kokha pa dola kumasuntha nambala ndi K42,500, ndiye gwero la mtengo ndi mtundu wake ziyenera kulembedwa kamodzi ngati lamulo la mu ofesi, n'kumatsatidwa chaka chonse.

Mitengo siilengezedwa Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi, koma mainvoisi amalembedwa masiku amenewo. Tsiku la Chilembwe pa 15 Janyuwale kapena la ufulu pa 6 Julaye ndi tsiku wamba lantchito ku Johannesburg ndi ku Guangzhou. Chizolowezi ndi kubwerera mmbuyo kufika pa mtengo womaliza umene unalengezedwa deti isanafike: invoisi ya Loweruka 11 Novembala 2023 imatenga mtengo wa Lachisanu 10 Novembala. Kubwerera mmbuyo kuli ndi chifukwa chake. Mtengo wa Lolemba unali usanadziwike pamene invoisi inkalembedwa, pomwe wa Lachisanu ndi umene unalipo.

Mu Excel ntchitoyi imachitika ndi tebulo la mitengo pa tsamba lakelake, madeti mu danga A, mitengo mu danga B. Ngati deti ya invoisi ili mu B2 ndipo ndalama zili mu C2, mtengo umapezeka mu D2 ndi mzere woyambawu, ndipo kwacha zimapezeka ndi wachiwiri:

```
=XLOOKUP(B2,Mitengo!A:A,Mitengo!B:B,,-1)
=ROUND(C2*D2,2)
```

Nambala ya -1 kumapetoyo imauza pulogalamu kuti ikasowa deti yeniyeniyo itenge yoyandikana nayo ya mmbuyo, zomwe zimathetsa vuto la Loweruka ndi tchuthi. Koma mu ubwino womwewo muli msampha. Ngati munthu wosamalira tebulo anasiya kulowetsa mitengo pa 31 Okotobala, invoisi iliyonse ya Novembala idzalandira mtengo wa 31 Okotobala mwakachetechete, popanda chenjezo lililonse, chifukwa imeneyo ndiyo deti ya mmbuyo yoyandikana kwambiri. Mankhwala ake ndi kuonetsa mu danga lina deti ya mtengo umene watengedwa, n'kuichotsera pa deti ya invoisi. Kusiyana kwa masiku awiri, atatu kapena anayi kumafotokozeka ndi kumapeto kwa sabata ndi tchuthi. Kukafika masiku khumi, tebulo lagona. Msampha wina ndi deti imene yatuluka mu OCR ngati malemba chabe, osati ngati deti. Pa maso imaoneka chimodzimodzi, koma Excel amaikankhira kumanzere kwa danga, pomwe deti yeniyeni imakhala kumanja, ndipo kufufuza mtengo ndi deti yotere kumalephera kapena kumabweretsa zosayenera.

Mitengo yambiri imene imalengezedwa ku Malawi imanena kwacha zofunika pa ndalama imodzi yakunja, choncho ndalama za pa invoisi zimachulukitsidwa ndi mtengowo. Magwero ena amalemba mozondoka. European Central Bank, mwachitsanzo, imalengeza tsiku lililonse lantchito kuchuluka kwa ndalama zina zimene zikufanana ndi yuro imodzi, ndiye wosintha madola kupita ku mayuro ndi tebulo limenelo amagawa, sachulukitsa. Ndalama ikakhala kuti ilibe mtengo wachindunji ndi kwacha, imadutsira pa dola: kuchoka ku ndalamayo kupita ku dola, kuchoka ku dola kupita ku kwacha, mitengo yonse iwiri ya tsiku limodzi.

Pa masamu onsewa, kudula manambala a kuseri kwa kadontho kumachitika kamodzi, kumapeto. Mwachitsanzo, dola itakhala marandi 18.40 komanso K1,700, randi imodzi ndi K92.3913 ndi tizidutswa tina. Invoisi ya R18 400,00 ndi madola 1,000, kutanthauza K1,700,000. Wodula mtengo kufika pa K92.39 amapeza K1,699,976, kuperewera ndi K24. Wodula kufika pa K92 amapeza K1,692,800, kuperewera ndi K7,200. Mtengo umasungidwa ndi manambala ake onse monga unalengezedwera, ndipo chodulidwa ndi yankho lomaliza lokha. Mizere ya invoisi ikasinthidwa umodziumodzi, matambala angapo amatha kusiyana ndi nambala ya pansi. Nambala ya pansiyo ndiyo ngongole, ndiye ndiyo imalamula, ndipo matambala otsalawo amaikidwa pa mzere umodzi.

Pamene ngongole ikulipiridwa

Nambala ya kwacha imene yapezeka pa deti ya invoisi ndiyo mtengo wa katundu m'mabuku, ndipo siisinthanso ngakhale dola ikwere bwanji. Chimene chimasintha ndi ngongole, chifukwa wogulitsa akudikira madola 4,250, osati kwacha. IAS 21 imafuna kuti ngongole ya ndalama zakunja imene sinalipiridwe iwerengedwenso pa mtengo wa tsiku lotsekera mabuku, ndiponso kuti kusiyana kulikonse, kaya kwapezeka potseka mabuku kapena polipira, kulembedwe pakokha ngati phindu kapena kutaya kobwera chifukwa cha kusintha kwa ndalama. Mu Malichi 2024 mtengo wogulitsira dola unasunthanso kufika pa K1,751. Sitolo ya ku Limbe ija ikanachedwa kupeza madola n'kulipira mu Epulo pa mtengo umenewo, ikanatulutsa K7,441,750. Katundu akanakhalabe pa K7,225,000, ndipo K216,750 yotsalayo ikanalembedwa ngati kutaya kwa pa kusintha ndalama.

Apa ndi pamene cholakwa cha deti chija chimasiya mapazi. Ndalama zotuluka ku banki ndi zomwezo, kaya deti inawerengedwa bwino kapena ayi, ndiye mabuku amatsekeka bwinobwino ndipo palibe chimene chikuoneka chosowa. Koma K2,210,000 ija, m'malo mokhala mu mtengo wa katundu, imakagwera mu akaunti ya kutaya kwa pa kusintha ndalama. Wowerenga mabukuwo amaona malonda opindula kwambiri amene angopwetekedwa ndi kugwa kwa kwacha, pamene zoona zake n'zakuti katundu anagulidwa kwacha itagwa kale ndipo anagulitsidwa motchipa. Akaunti imeneyi ikatupa pa invoisi imene inalembedwa ndi kulipiridwa dola ili pa mtengo umodzimodzi, malo oyamba kuyang'ana ndi deti.

Malire a deti ya pepala

Deti ya invoisi ndi choimira chabe tsiku la malonda, ndipo pali nthawi zimene ziwirizi zimasiyana. Invoisi ya pulofoma, yomwe wogulitsa amatumiza katundu asananyamuke kuti wogula akapemphere madola ku banki, si umboni wa malonda ochitika, ndipo deti yake siikhazikitsa mtengo. Wogula akalipiriratu katundu asanabwere, kutanthauzira kwa IFRIC 22, komwe kunayamba kugwira ntchito mu 2018, kumanena kuti gawo lolipiriratulo lizitenga mtengo wa tsiku limene ndalamazo zinaperekedwa, osati wa invoisi yobwera pambuyo. Theka likalipiriratu mu Okotobala, theka n'kutsala ngati ngongole mu Novembala, invoisi imodzi imakhala ndi mitengo iwiri. Wogulitsa akachedwa kulemba invoisi, katundu atafika kalekale mwezi wathawo, tsiku limene katunduyo anakhala wa wogula ndilo lolemera kuposa deti ya pepala. Chikalata chochotsera ngongole, chomwe chimalembedwa katundu wina akabwezedwa, maofesi ambiri amachisintha pa mtengo wa invoisi imene chikukonza, kuti gawo lobwezedwalo lichoke m'mabuku pa mtengo womwe linalowera.

A msonkho wa pa chipata ali ndi njira yawoyawo. Katundu akamalowa m'dziko, Malawi Revenue Authority imawerengera msonkho kudzera mu makina a ASYCUDA World, pa mtengo wosinthira umene uli m'makinawo pa nthawi yolembetsa katunduyo. Choncho nambala ya kwacha ya pa mapepala a kasitomu ikasiyana ndi ya m'mabuku a sitolo, si chizindikiro chakuti wina walakwitsa. Ndi mafunso awiri osiyana, lililonse ndi tsiku lake.

IAS 21 imalolanso kugwiritsa ntchito mtengo wapakatikati wa sabata kapena wa mwezi wonse pofuna kupeputsa ntchito, koma pokhapokha ngati mitengo siikusinthasintha kwambiri. Novembala 2023 ndi chitsanzo cha mwezi umene njirayi singagwire: masiku asanu ndi atatu oyamba dola inali pa K1,180, otsalawo pa K1,700, ndipo nambala ya pakati pa ziwirizi ndi mtengo umene panalibe aliyense anagulirapo dola tsiku lililonse la mweziwo. Zomwezo zinachitika mu Meyi 2012 ndi mu Meyi 2022, pamene kwacha inagwetsedwanso tsiku limodzi.

Chomaliza mu ndondomekoyi ndi chimene chimasungidwa. Pa invoisi iliyonse, mabuku amafunika kusunga chithunzi cha pepala, ndalama monga zinalembedwera ndi zilembo zake zitatu, deti monga inaonekera pa pepala ndi monga inamasuliridwira, mtengo ndi manambala ake onse, deti ya mtengowo, gwero lake, ndi kwacha zimene zinapezeka. Munthu akakonza pamanja chimene pulogalamu inawerenga, kukonzako kumalembedwa pamodzi ndi chifukwa chake. Tsamba la mitengo la tsikulo nalo limasungidwa, losindikizidwa kapena ngati fayilo, chifukwa woyendera mabuku akadzabwera patapita chaka kudzafunsa kumene K7,225,000 inachokera, adzafuna kuona 4,250 pa chithunzi, 2023-11-10 pa mzere, ndi 1,700 pa tsamba la banki, kuti achulukitse yekha.